Kuwotcha nyama ya nkhumba kuti ipse mpaka pakati: madigiri oyenera ndi chifukwa choipumitsira musanadule

Nyama ya nkhumba yowotcha imakonda kulakwika m'njira ziwiri. Ena amaphula msanga poona kuti kunja kwafiira bwino, koma mpeni ukangolowa amapeza pakati pali paiwisi, pafupi ndi fupa pakutuluka madzi ofiira. Ena, poopa zomwezo, amaisiya pamoto mpaka yauma gwa, alendo n'kumatafuna nsagwada kuwawa. Onsewa vuto lawo ndi limodzi: akuweruza ndi maso chinthu chimene maso sangachione. Chimene chikufunika kudziwika ndi kutentha kwa pakatikati pa nyama, ndipo kutenthako sikuima pamene mwaphula, kumapitiriza kukwera nyama ili kale pathebulo.

Malangizo ali m'munsimu ndi a chinthuli chachikulu, mwendo wa makilogalamu 2 wochotsa fupa, wowotcha mu uvuni kapena mu mphika pa mbaula. Za kanyenya wa timaduka ting'onoting'ono ndazikhudza pang'ono chabe kumapeto.

## Zofunika kukhala nazo

- Mwendo wa nkhumba wa makilogalamu 2, fupa lochotsa, chikopa chikhalepo
- Themometa ya nyama, ija yokhala ndi kachitsulo kosongoka kobaya nako
- Mchere, masupuni aang'ono 3 kapena 4, ndi adyo ngati mumamukonda
- Ulusi wolimba wa thonje womangira nyama, osati wa pulasitiki
- Uvuni ndi thireyi yake, kapena mbaula, makala okwanira ndi mphika waukulu wochindikala wokhala ndi chivundikiro chachitsulo
- Kawaya koikapo nyama kuti isakhudze pansi pa mphika kapena thireyi
- Matabwa awiri odulirapo, lina la nyama yaiwisi, lina la yakupsa
- Mpeni wakuthwa, foyilo kapena beseni lachitsulo lovundikirira, ndi wotchi

Themometa ya kuchipatala yoyezera kutentha kwa thupi musaigwiritse ntchito. Imathera pa madigiri 42, ndipo yagalasi ija ikasweka mu nyama yotentha, nyama yonseyo ndi yotaya.

## Nambala yoyenera kuisunga pamtima

Mukawerenga m'mabuku ophikira a kunja mudzaona nambala ziwiri, 63°C ndi 71°C, ndipo zimasokoneza. Zonse ndi zoona, koma iliyonse ili ndi malo ake. M'chaka cha 2011 unduna wa za ulimi wa ku Amereka unatsitsa mlingo wa nyama ya nkhumba yosagaya kuchoka pa 71°C kufika pa 63°C, koma unaikapo lamulo lakuti nyamayo ipume mphindi 3 isanadulidwe. Nyama yogaya ndi masoseji anazisiya pa 71°C. Iwo anachita zimenezi poganizira nkhumba zawo, zokulira m'makola a simenti, zodya chakudya chogula ndiponso zopimidwa pozipha.

Nkhumba zambiri zimene timadya kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu sizikula choncho. Anthu akangokolola, nkhumba zimamasulidwa n'kumayendayenda m'mudzi, kufukula kudzala ndi kuseri kwa nyumba. Nkhumba ikadya chimbudzi cha munthu amene ali ndi njoka ya m'mimba yaitali yaphanthiphanthi ija, mazira a njokayo amakasanduka timatuza toyera m'minofu yake, tija ambiri amati masese. Munthu akadya timatuzato tisanafe ndi moto, njoka imamera m'matumbo mwake. Kenaka mazira otuluka ndi chimbudzi chake akalowa m'kamwa mwa munthu, kaya iye mwini kaya wina wapakhomopo, kudzera m'manja osasamba kapena m'madzi, timatuza timatha kukakhazikika mu ubongo ndi kuyambitsa khunyu. Kuonjezera apo pali tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba tomwe timakhala pa nyama iliyonse yaiwisi, makamaka yomwe yakhala tsiku lonse ili polendewera pamsika.

Ndiye ine ndimati chonchi. Nyama yogula pamsika, kaya pa Lizulu, pa Chimbiya kapena pa Kampepuza, kapenanso ya nkhumba yophera pamudzi, ifike 71°C pakatikati. Bungwe loona za umoyo padziko lonse nalo limati chakudya chifike 70°C, choncho apa simukuphonya. Mlingo wa 63°C usiyireni nyama yochokera ku famu ya makola otseka, yopimidwa ndi kudindidwa, ndipo ngakhale imeneyo, ngati odya ake ndi ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba kapena odwala, ipititseni ku 71°C. Nyama ya 71°C si youma ayi. Youma ndi ija yafika 80°C kapena 85°C chifukwa wophika anadikira kuti aone 71°C ili pamoto, osadziwa kuti ikaphulidwa ikwerabe.

## Ndondomeko yake

### 1. Ionetsetseni nyama musanalipire

Pemphani wogulitsa acheke mnofu mozama pamalo awiri kapena atatu, inu muone bwino poyera. Timatuza tija timaoneka ngati timbewu ta mpunga tonyowa, tolowerera m'kati mwa mnofu, ndipo timakonda pa lilime, pa mtima, m'masaya, paphewa ndi pantchafu. Mukaona ngakhale kamodzi, nyamayo isiyeni, ngakhale akutsitsireni mtengo chotani.

Chenjezo: kusaona timatuza sikutanthauza kuti mulibe. Nkhumba imene ili nato tochepa imadutsa osaoneka kanthu. N'chifukwa chake moto uyenerabe kugwira ntchito yake yonse.

### 2. Yesani themometa yanu

Themometa yonama ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo. Njira yosavuta ndi ya madzi oundana: dzazani kapu ndi ayezi wophwanya, thirani madzi pang'ono, takasani, dikirani mphindi imodzi kenaka viikani nsonga. Iyenera kuonetsa 0°C.

Ambiri amayesera m'madzi owira n'kuyembekeza kuona 100°C, ndiye ikaonetsa 95°C amati yafa. Sinafe. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo pamalo okwera chotero madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95. Ku Ntcheu boma, komwe n'kotsikirapo, muona pafupifupi 96. Onaninso kuti chida chanu chili pa °C osati °F. Ngati chikukana kusintha, dziwani kuti 63°C ndi 145°F ndipo 71°C ndi 160°F.

### 3. Konzani nyama kuti ikhale yofanana kunenepa kwake

Mwendo wochotsa fupa umakhala woyalika, mbali ina yochindikala, ina yopyapyala. Mukauwotcha choncho, kopyapyala kupserera kochindikala kusanapse. Upindeni ukhale wobulungira, chikopa kunja, n'kuumanga ndi ulusi malo anayi kapena asanu. Musanapinde wazani theka la mchere ndi adyo m'katimo. Chekani chikopa timizere totalikirana ngati chala chimodzi, mpeni ulowe mpaka m'mafuta koma usafike pa mnofu, pukutani chiume, kenaka pakani mchere wotsalawo.

Pali chinthu chimodzi choti muchidziwe pa nyama yopinda. Mbali imene inali kunja, yomwe inagwidwa ndi manja, mpeni ndi ntchentche, tsopano mwailowetsa pakati. Tizilombo tambiri timakhala pamwamba pa nyama, pomwe moto umatipha msanga, koma mukapinda mwatibisa pamalo omalizira kutentha. Choncho nyama yopinda, yobayabaya kapena yoika zokometsera m'kati ifike 71°C, ngakhale itachokera ku famu yabwino motani.

Chenjezo: ngati nyama inali mu filiza, isungunuke yonse kaye. Chinthuli cha makilogalamu 2 chimafuna tsiku lathunthu mu filiji, nthawi zina kupitirira. Ikalowa pamoto pakati pali pouma ndi chisanu, kunja kudzapserera pakati pasanafunde n'komwe. Mukamaliza kukonza, tsukani manja, mpeni ndi thabwa ndi sopo.

### 4. Yambani ndi moto waukali, kenaka muuchepetse

Mu uvuni, tenthetsani kufika 220°C nyama isanalowe. Ikani nyama pa kawaya, chikopa m'mwamba, ikhale mphindi 25 kuti chikopa chitukumuke. Kenaka tsitsani moto ufike 170°C kapena 180°C.

Pa mbaula, ikani kawaya kapena timiyala toyera pansi pa mphika, nyama pamwamba pake, vundikirani, n'kuika makala oyaka pa chivundikiro. Makala ambiri akhale pamwamba, pansi pakhale ochepa, chifukwa mafuta akadontha pa mphika wotentha kwambiri amapserera ndi kuwawitsa nyama. Theka la kapu ya madzi pansi pa mphika limathandiza. Muziwonjezera makala oyaka kale pang'onopang'ono, ndipo muzitembenuza mphika mphindi 20 zilizonse poti mbaula siyaka mofanana mbali zonse. Mbaula ikhale panja kapena pakhonde podutsa mpweya, osati m'chipinda chotseka, ngakhale kuzizire bwanji.

Chifukwa chochepetsera moto n'chakuti kutentha kumayenda pang'onopang'ono mu mnofu. Kukoleza moto kwambiri sikufulumizitsa pakati kwenikweni, kumangowononga kunja.

### 5. Bayani pamalo oyenera

Nthawi ndi yongokuthandizani kudziwa poyambira kuyeza. Mwendo wa makilogalamu 2 umatenga maola pafupifupi 2 mu uvuni, koma mauvuni amasiyana, ndipo za mbaula ndiye sizinenedwa. Yambani kuyeza pakatha ola limodzi ndi theka.

Lowetsani nsonga pamalo ochindikala koposa, ifike pakatikati. Njira yabwino ndi kubaya mopitirira pakati pang'ono kenaka n'kumakoka pang'onopang'ono mukuyang'ana manambala. Nambala yotsikitsitsa imene muione, imeneyo ndiye yoona. Yezani malo awiri kapena atatu ndipo mukhulupirire ozizira koposa.

Chenjezo: nsonga isagunde fupa, isathere m'mafuta, ndipo isatulukire pansi n'kukhudza thireyi. Malo onsewa amapereka nambala yabodza. Ngati mwayeza n'kupeza nyama ikadali yaiwisi, tsukani kachitsulo musanabayenso.

### 6. Phulani isanafike pa mlingo

Apa ndi pamene ambiri amavutika kukhulupirira. Ngati mukufuna 71°C, chinthuli chachikulu chiphuleni pa 66°C kapena 67°C. Madigiri otsalawo afika okha.

Tiyerekeze kuti mwendo wathu unalowa mu uvuni 10 koloko m'mawa. Pofika hafu pasiti 11 mwayeza n'kupeza 54°C. Pa moto wa 180°C, kumapetoku pakati pamakwera pafupifupi digiri imodzi pa mphindi ziwiri zilizonse, ndiye mwatsala ndi mphindi ngati 25. Musachoke n'kupita kukasenda mbatata kuseri. Yezaninso pakatha mphindi 15: mwina mupeza 62°C. Pakatha mphindi zina 8 kapena 10 yafika 66°C. Phulani, ikani pa thabwa loyera, themometa isiyeni ili chibayire. Muona manambala akukwerabe: 68, 69, 70, ndipo mphindi 10 mpaka 15 zikamatha ili pa 71°C kapena 72°C. Imaima pamenepo kanthawi kenaka n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono.

Manambala anu sadzafanana ndendende ndi awa, ndipo n'chifukwa chake themometa iyenera kukhala mu nyama nthawi yonse yopuma. Ngati yakwera n'kuima pa 68°C, musadzinamize. Ibwezereni pamoto mphindi 10 n'kuyezanso. Lamulo ndi lakuti nambala yotsiriza ifike 71°C, kaya yafikira pamoto kaya pathabwa.

### 7. Ipumitseni

Mwendo wa makilogalamu 2 upume mphindi 15 mpaka 20. Chinthuli choposa makilogalamu 3 chikhoza kupuma theka la ola. Ivundikireni mopepuka ndi foyilo kapena beseni lachitsulo lotsamiritsa mbali imodzi kuti nthunzi izituluka. Mukaikulunga zolimba, nthunzi imafewetsa chikopa chimene munachivutikira chija, komanso kutentha kumakwera kupitirira pamene mumafuna.

Kumene mwaiika nako kuli ndi kanthu. Mwezi wa Juni ndi Julaye ku Bembeke kapena ku Tsangano, mphepo imayamwa kutentha kwa nyama msanga kwambiri. Mukaisiya pakhonde, pa mbale yachitsulo yozizira, madigiri 5 amene mumadalira aja mwina afika 2 okha. Nyengo imeneyi ipumitseni m'nyumba, pa thabwa lamtengo, kutali ndi zenera, ndipo muiphule pa 68°C m'malo mwa 66°C.

### 8. Dulani mopingasa minofu

Chotsani ulusi, yambani mwasenda chikopa n'kuchiphwanya pachokha, kenaka dulani nyama mopingasa mizere ya mnofu kuti isavute kutafuna. Madzi amene atsikira pa thabwa loyera lija athireni mu msuzi. Dulani yokwanira kudya nthawi imeneyo basi, yotsala ikhale yathunthu kuti isaume.

## Kodi chimachitika n'chiyani nyama ikamapuma?

Nyama ikamachoka pamoto sikhala yotentha mofanana. Pakati pali pa 66°C, koma cha kunja, pansi pa chikopa, patha kukhala pa 90°C kapena kuposa. Kutentha kumayenda kuchoka kotentha kupita kozizira, ndipo sikudziwa kuti mwaphula. Kwina kumathawira mu mpweya, koma kwina kumapitiriza ulendo wake wolowa m'kati. Zili ngati mpunga umene mwauphula uli ndi mtima pang'ono, n'kuupeza wapsa bwinobwino pambuyo pokhala chivundikire. Chinthuli chikakula, kapena moto ukakhala waukali, kutentha kosungidwa kunjaku kumachuluka ndipo pakati pamakwera kwambiri. N'chifukwa chake mwendo waukulu umakwera madigiri 5 mpaka 8, pamene kanthuli kochindikala ngati zala ziwiri kamangokwera 2 kapena 3.

Mukadula nthawi yomweyo, mwadula ulendowo. Nthunzi imene imatuluka pa chidutswa chilichonse ndi kutentha kuja kumene kukanamaliza kuphika pakati. Zidutswa zopyapyala zimazizira m'kanthawi kochepa, ndipo pakati pamatsala pa 66°C pomwe paja kapena kutsika. Tsono kupumitsa si ulemu wa kuhotela chabe. Ngati mwaphula isanafike pa mlingo, kupumako ndi gawo lomaliza la kuphika kwenikweniko.

Chachiwiri ndi nthawi. Tizilombo sitifa tonse pa kamphindi kamodzi nambala ikangokwana. Timafa chifukwa cha kutentha ndi nthawi pamodzi: pa madigiri otsika timafuna mphindi zambiri, pa okwera timafa mofulumira. N'chifukwa chake mlingo wa 63°C umabwera ndi mphindi 3 zake, ndipo ku Britain alangizi a za chakudya amati 70°C kwa mphindi 2 kapena 75°C kwa masekondi 30. Wina akatenga 63°C n'kusiya mphindi 3, watenga theka la malangizo. Chinthuli chachikulu chikapuma mphindi 15, pakati pake pamakhala pamwamba pa 65°C nthawi yonseyo, ndipo malo amene themometa yanu inawaphonya, omwe mwina anali ozizirirapo, amapeza mpata wofanana ndi ena onse.

Chachitatu ndi chimene anthu amachitchula kwambiri, nkhani ya madzi a nyama. Mnofu ukatentha umakhwinyata n'kufinya madzi ake, ndipo pamene wangochoka pamoto madziwo amakhala opyapyala, othamanga. Mukacheka, amayenderera thabwa lonse mpaka kudonthera pansi. Nyama ikazizirako pang'ono, madziwo amakhuthala chifukwa cha mafuta ndi zomatamata zosungunuka kuchokera m'mitsempha, ndiye ambiri amatsalira mu chidutswa. Koma tisakokomeze. Kupumitsa sikungabweze madzi mu nyama imene yawotchedwa mopitirira. Mwendo umene wafika 85°C ndi wouma basi, ngakhale muupumitse mpaka madzulo. Phindu lenileni la kupumitsa pa nkhani ya kukoma n'lakuti kumakulolani kuphula msanga, kunja kusanaume, mukudziwa kuti pakati pamaliza pokha.

Kupuma kulinso ndi malire. Tizilombo timaswana bwino pakati pa 5°C ndi 60°C. Nyama yakupsa isakhale panja kupitirira maola 2. Pa chinkhoswe kapena pa ukwati, pomwe zolankhula zimatalika ndipo chakudya chimachedwa, ndi bwino kuisunga yathunthu pamoto wochepa, pamwamba pa 60°C, kusiyana ndi kuiduliratu n'kuiika m'mabeseni. Yotsala ilowe mu filiji, ndipo potenthetsanso ifike 75°C, itenthe mpaka m'kati.

## Ngati mulibe themometa

Njira zina zilipo koma zonse n'zoperewera, ndipo ndi bwino kuvomereza zimenezo. Yodalirikapo ndi kusawotcha chinthuli chachikulu n'komwe. Dulani nyama m'zidutswa zosapitirira zala ziwiri kuchindikala kwake, wotchani pa makala amene ayera phulusa, osati pa malawi, ndipo muzitembenuza pafupipafupi. Tengani chidutswa chachikulu koposa, chekani pakati: mnofu ukhale wotuwa moyera paliponse, wolimba, wosanyezimira ngati waiwisi, madzi ake oyera, ndipo nthunzi izituluka. Zoterezi zipume mphindi 3 mpaka 5.

Ngati mukufunabe chachikulu, bayani mpeni woonda mpaka pakati, werengani mpaka 10, zulani n'kukhudzitsa nsonga yake kuseri kwa dzanja. Ikakhala yongofunda, nyama sinapse. Ikhale yotentha moti simungaisiye pakhungu. Popanda themometa musayerekeze zophula msanga zija. Dikirani zizindikiro zonse zikwane nyama ili pamoto, kenaka ipumitseni. Iuma pang'ono, koma chiopsezo chodwala chichepa.

Njira ina imene amayi ambiri amaidziwa kale ndi kuyamba mwaiwiritsa nyama mpaka itapsa m'kati, kenaka n'kuiwotcha kapena kuikazinga kuti ifiire. Kuwira kwa ku Dedza kwa 95°C kuja n'kokwanira ndithu.

## Ziwalo zimene sizitsatira ndondomeko iyi

Phewa, nthiti ndi makongono zili ndi mitsempha yambiri. Pa 71°C zilibe choopsa chilichonse, koma zimakhala zolimba. Kuti zifewe zimafuna moto wochepa kwa maola angapo mpaka pakati pafike madigiri ngati 90, pamene mitsempha imasungunuka. Kupsa kopha tizilombo ndi kupsa kofewetsa ndi zinthu ziwiri, ndipo pa ziwalo izi chachiwiricho chimabwera mochedwa. Msana wopanda mafuta ndiye wosiyana nazo: umauma msanga, choncho ndi umene umafuna themometa koposa.

Chiwindi ndi zam'kati zina ziphikeni mpaka zipseretu, popanda kufiira kulikonse. Chiwindi cha nkhumba chimatha kukhala ndi kachilombo koyambitsa matenda a chiwindi mwa anthu, ndipo n'koopsa kwambiri kwa amayi oyembekezera. Kachilomboka kamapirira kutentha kuposa tizilombo tina, ndiye chiwindi chikhalitse pamoto ngakhale chitafika kale pa mlingo. Masoseji ndi nyama yogaya, 71°C nthawi zonse, ndipo izi zifike pa mlingowo zili pamoto pomwepo.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kukhulupirira mtundu. Nyama ikhoza kutuwa isanafike pa mlingo, ikhozanso kutsala yofiirira pang'ono itapitirira kale 71°C. Utsi wa makala ndi nkhuni umasiya mzere wofiira pansi pa chikopa umene suchoka ngakhale muwotche tsiku lonse, ndipo pafupi ndi fupa la nkhumba yaing'ono pamakonda kufiira. Themometa yoyesedwa bwino ikati 71°C pamalo ozizira koposa, nyamayo yapsa.

Kuwotcha pa malawi. Mafuta a nkhumba akadonthera pa makala amayatsa malawi, ndipo kunja kumada m'mphindi zochepa. Kapado wambiri wa m'mbali mwa msewu amene amapezeka wofiira pafupa amapsa motere, makamaka madzulo ogula akachuluka ndipo wowotcha akuthamanga. Pogula, sankhani timaduka tating'ono, pemphani akuchekereni pakati muone, ndipo musachite manyazi kunena kuti abwezere pa chiwaya.

Kubwezera nyama yakupsa mu mbale imene munali yaiwisi. Ntchito yonse ya moto imatha pomwepo. Chimodzimodzinso madzi okometsera amene munanyikamo nyama yaiwisi: ngati mukufuna kuwathira pa yakupsa, awiritseni kaye.

Kutsegulatsegula. Nthawi iliyonse mwatsegula uvuni kapena kunyamula chivundikiro, kutentha kumatsika ndipo nthawi imatalika. Ola loyamba lonse palibe choti muone m'menemo.

Kuwerengera kukwera kwa madigiri pa nyama yaing'ono kapena pamoto wozilala. Ngati makala anatha mphamvu ndipo nyama imangofika pa 66°C mokwawa, kunja kwake kulibe kutentha kochuluka koti kulowe m'kati, ndiye ikwera pang'ono chabe. Yotereyi iphuleni pa 69°C kapena 70°C.

Kudikira magetsi. Akazima nyama ili pakati pa ulendo, pakati pake pali pa 40°C, musaisiye mu uvuni wozilala mukuyembekeza kuti abwera posachedwa. Awo ndi madigiri amene tizilombo timaswana mofulumira koposa. Kolezani mbaula nthawi yomweyo, isamutsireni mu mphika, ndipo ngati makala ndi ochepa, iduleni pawiri kapena panayi kuti ipse msanga. Zidutswazo ziyezeni chilichonse pachokha, poti sizifika pa 71°C nthawi imodzi.